Nambala 6 wosapezeka pamalo pake: chimene chimachititsa kuti timu izigoletsedwa kudzera pakati

Pali chigoli china chimene matimu a ongoyamba kumene amagoletsedwa mobwerezabwereza, ndipo chikalowa aliyense amaloza chala goloboyi kapena otchinga kumbuyo. Chimayenda chonchi. Timu yanu ili ndi mpira kutsogolo, wina walakwitsa, adani aulanda. Pasi imodzi yapansi yadutsa pakatikati pa bwalo n'kupeza munthu wawo ali yekhayekha kutsogolo kwa madifenda anu awiri apakati. Munthuyo watembenuka popanda womukhudza. Difenda mmodzi watuluka kuti akakumane naye, ndipo pamene wachokapo patsala mpata. Sitiraika walowa pomwepo, wapatsidwa mpira, wamwetsa.

Kawirikawiri amene walakwa pa chigoli chotere sapezeka n'komwe pafupi ndi golo. Ndi wosewera wapakati wotsalira kumbuyo, amene ambiri timangomutchula kuti nambala 6, ndipo panthawi imene pasi ija imadutsa iye anali kwina, mwina kumbali kwa bwalo akuthamangitsa mpira, mwina pafupi ndi bokosi la adani akudikira mwayi wowombera. Chovuta n'chakuti wosewera wotereyu amaoneka wolimbikira kuposa onse. Amatuluka m'bwalo jezi itanyowa, anthu n'kumamuyamikira, choncho vutolo limakhalitsa osadziwika.

Malo a nambala 6 ndi kachigawo kamene kali kutsogolo kwa madifenda awiri apakati. Bwalo la akuluakulu limakhala la mamita pafupifupi 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, koma iye sanapatsidwe lonselo. M'lifupi, ntchito yake yambiri ili pakati pa mizere iwiri imene mungaiganizire kuti yachoka m'makona a bokosi lalikulu n'kupita kutsogolo, ndiye kuti mamita pafupifupi 40, ndipo nthawi zambiri sasowa ngakhale kufika m'mphepete mwa chigawo chimenechi. M'litali, ayenera kukhala pa mtunda wa mamita 8 mpaka 12 kuchokera kwa madifenda ake pamene adani ali ndi mpira. Madifenda akasunthira kutsogolo nayenso amasuntha, akabwerera nayenso amabwerera. Mpata umenewu ndi umene adani amaufuna kwambiri, chifukwa munthu akalandira mpira pamenepo n'kutembenuka, akhoza kuwombera, kupatsira kumanja, kupatsira kumanzere kapena kulowetsa pakati pa madifenda. Akalandira mpira m'mbali mwa bwalo, mzere wam'mbali umamutsekera mbali imodzi.

Kuthamangira mpira umene simungaupeze

Ichi ndicho choyambitsa chachikulu, ndipo tikhalitsepo. Tiyerekeze kuti timu yanu ikusewera 4-3-3, inu muli nokha pa nambala 6, ndipo kutsogolo kwanu kuli osewera apakati ena awiri, ma nambala 8. Adani akusewera 4-2-3-1, ali ndi nambala 10 amene amakonda kuima kumbuyo kwa sitiraika wawo, pafupi ndi inu. Mpira uli ndi difenda wawo wakumanzere, ali chakumzere wapakati, mbali yakumanja kwa timu yanu. Winga wanu wakumanja wachedwa kubwerera, nambala 8 wa mbali imeneyo wangoima. Inu mukuona munthu akuyenda ndi mpira mwamtendere, magazi awira, mwanyamuka.

Tsopano werengani. Munthuyo ali pa mtunda wa mamita 20 kapena 25 kuchokera pamene munaima. Ngakhale mutakhala ndi liwiro labwino, kuchoka poima mpaka kufika pamenepo kukutengerani masekondi atatu kapena anayi. Pasi yapansi yomenyedwa bwino imayenda mamita 15 m'sekondi imodzi yokha kapena kupitirira pang'ono. Iye wakuonani mukubwera kalekale. Amadikira kuti mufike pakati pa ulendo wanu, kenako amaulowetsa kwa nambala 10 amene mwamusiya. Inuyo mwaima pamalo opanda mpira komanso opanda munthu, nkhope yaloza kunja kwa bwalo, ndipo kuti mutembenuke n'kubwerera, zonse zatha kale. Akuluakulu amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chimene munayenera kuchita n'chosasangalatsa kuonera. Musunthe masitepe anayi kapena asanu kupita mbali imene kuli mpira, muime pa mzere wolunjika umene uli pakati pa mpira ndi nambala 10, ndipo mukuwire nambala 8 wanu kuti atuluke. Mukaima pa mzere umenewo, simufunika kumugwira jezi nambala 10. Thupi lanu latseka njira ya pasi, ndipo mwini mpira akakamizika kupitiriza m'mbali kapena kubweza kumbuyo. Zimenezi ndi kupambana kwa inu, ngakhale palibe amene angakuombereni m'manja. Koma nambala 10 wanzeru saima malo amodzi. Akaona kuti mwamutsekera, amasuntha mamita atatu kumanja kapena kumanzere kuti atuluke kuseri kwanu. N'chifukwa chake muyenera kumacheuka pafupipafupi, makamaka pamene mpira uli paulendo kuchoka kwa mdani wina kupita kwa mnzake, popeza nthawi imeneyo mpirawo sungasinthe njira ndipo mukhoza kuuchotsa m'maso kwa kamphindi.

Sikuti nambala 6 saloledwa kutuluka. Amatuluka, koma pakhale chifukwa. Tulukani mdani akalandira mpira nkhope italoza ku golo lake, chifukwa sakukuonani. Tulukani akaugwira molakwika n'kumutalikira, kapena mpira ukamadumphadumpha moti akufunika kuukhudza kawiri kuti aukhazike pansi. Ndipo ngakhale izi zitachitika, mtunda ukhale waufupi, mamita asanu kapena kupitirira pang'ono, woti mufike limodzi ndi mpira kapena iye atangoukhudza koyamba. Ngati mukuona kuti mufika iye atakweza kale mutu, musapite. Choipa kuposa zonse ndi kupita mwatheka, kunyamuka kenako n'kuima pakati chifukwa chokayikira. Pamenepo simunatseke pasi, simunapanikizenso munthu.

Funso limene limasokoneza ambiri n'lakuti, nanga difenda wanu wakumbali akadodedwa, winga wa adani n'kumabwera yekha, ndani atuluke? Pali njira ziwiri ndipo zonse n'zabwino. Difenda wapakati wa mbali imeneyo akhoza kutuluka, inu n'kulowa pamalo pake mu mzere wakumbuyo. Kapena inu mukhoza kutuluka, nambala 8 wa mbali ina n'kutsikira pamalo panu. Chimene chimapha timu ndi kusagwirizana, inu ndi difenda kutulukira limodzi, kapena nonse kuyang'anizana winga akudutsa. Kambiranani izi masewera asanayambe. Kwa ongoyamba kumene njira yoyamba ndi yosavuta, chifukwa ulendo wanu ndi waufupi ndipo simuchoka pakati.

Achinyamata ambiri amatengera N'Golo Kanté, amene ankaoneka ngati ali paliponse m'bwalo. Amaiwala kuti pamene Leicester City inatenga ligi ya ku England mu 2016, Kanté anali ndi Danny Drinkwater pambali pake, ndipo ku Chelsea chaka chotsatira anali ndi Nemanja Matić. Mmodzi akatuluka wina ankatsala. Ngati muli nokha pamalopo, woyenera kumuonera ndi Claude Makélélé, amene ankaima kumbuyo kwa Frank Lampard mu Chelsea ya José Mourinho. Mu sizoni ya 2004/05 timuyo inagoletsedwa zigoli 15 zokha m'masewera 38 a ligi. Si iye yekha amene anachititsa zimenezo, koma mukaonera masewera a nthawi imeneyo mudzaona kuti nthawi zambiri sankatalikira madifenda ake.

Kukwawira kutsogolo timu yanu ikamaukira

Vuto lachiwirili silioneka msanga chifukwa limayamba zinthu zikuyenda bwino. Timu yanu yapanikiza adani m'dera lawo, mpira ukuzungulira bokosi, ndipo inu mosazindikira mukusendera sitepe ndi sitepe mpaka muli mzere umodzi ndi ma 8. Mpira ukangolandidwa, pakati pa inu ndi madifenda anu pali mamita 30 opanda munthu wanu.

Timu yanu ikakhala ndi mpira kutsogolo, khalani kumbuyo kwa mpirawo mamita 10 mpaka 15, chapakati, pamalo oti mnzanu akapanikizika akhoza kukubwezerani. Koma maso anu asakhale pa mpira pokha. Dzifunseni kuti, mpira utalandidwa pompano, pasi yoyamba ya adani ipita kwa ndani? Nthawi zonse pamakhala munthu mmodzi amene sanabwerere kukatchinga, waima chapakati akudikira. Mupezeni, ndipo muime pafupi naye moti mpira ukamabwera mufike naye limodzi. Muwerengenso otsala kumbuyo. Ngati adani asiya anthu awiri kutsogolo, inu ndi madifenda anu mukhale atatu. Madifenda onse awiri akumbali akakwera nthawi imodzi, inu musadutse n'komwe mpira, ndipo muli ndi ufulu wokuwira mmodzi wa iwo kuti abwerere.

Nanga zikavuta, adani atatu akubwera mothamanga ndipo pali inu ndi madifenda awiri? Musadziponye. Munthu amene akubwera ndi liwiro amafuna kuti mutambasule mwendo kuti angoukankhira kumbali n'kudutsa. Bwererani cham'mbuyo mutapendeketsa thupi, phewa limodzi kutsogolo, mutatseka njira yapakati kuti apite kumbali. Sekondi iliyonse imene mwamuchedwetsa, anzanu abwerera mamita asanu kapena kuposa. Koma kubwerera kuli ndi malire. Mukafika mamita 20 kapena 25 kuchokera pa golo, muyenera kuima n'kukumana naye, apo ayi mumupatsa mwayi wowombera momasuka. Ena adzakuuzani kuti mungomukoka jezi. Dziwani mtengo wake: kuimitsa mwa faulo kuukira kooneka kuti kukhoza kubala chigoli ndi khadi lachikasu, ndipo ngati mwalanda mdani mwayi woonekeratu womwetsa muli kunja kwa bokosi, ndi lofiira. Nambala 6 amene walandira lachikasu m'mphindi 20 zoyambirira amasewera nthawi yotsalayo mwamantha, ndipo adani amadziwa.

Pali kachinthu kena kogwirizana ndi izi. Winga wa adani akafika kumapeto kwa bwalo kuti aponye mpira m'bokosi, nambala 6 wosazolowera amathamangira m'kabokosi kakang'ono ka mamita 5.5, kumene kuli kale madifenda ndi goloboyi. Wingayo amangoubweza pansi cha pa dontho la penate, mamita 11 kuchokera pa golo, kapena pa mzere wa bokosi lalikulu, ndipo wosewera wapakati amene wabwera mochedwa amawombera popanda womusokoneza. Malo anu pa nthawi imeneyo ndi pakati pa dontho la penate ndi mzere wa bokosi, mutacheuka kuona amene akubwera kumbuyo kwanu.

Kulandidwa mpira inu mwini

Nthawi zina nambala 6 ali pamalo pake ndithu, koma ndi iye amene akupereka mpira kwa adani. Chizindikiro chake n'chakuti madifenda anu amayamba kukudumphani, kumangomenya mipira yaitali, chifukwa aona kuti akakupatsani mumalandidwa.

Chimachititsa ndi kaimidwe. Mukalandira mpira chifuwa chitaloza kwa difenda amene wakupatsiraniyo, msana wonse uli kwa adani, ndipo simukudziwa amene akubwera. Imani chammbali, phewa limodzi litaloza golo lanu, lina golo la adani, kuti muone wopatsira ndi mbali yaikulu ya bwalo nthawi imodzi. Musaimenso molunjikana ndi wopatsirayo. Khalani mopingasa pang'ono, kuti mpira ubwere chopendekera. Ndiye muulole udutse kutsogolo kwa thupi lanu n'kuulandira ndi phazi lakutali ndi kumene ukuchokera. Mukatero, kuukhudza koyamba komweko kwakutembenuzani kale. Mukaulandira ndi phazi lapafupi, mumabwerera kumene wachokera, ndipo mufunika kuukhudza kawiri kapena katatu kuti mutembenuke.

Cheukani musanapemphe mpira, ndipo cheukaninso mpira uli paulendo. Kucheuka koyamba kumakuuzani kumene kuli mpata, kwachiwiri kumakuuzani ngati mpatawo ukadalipo. Ngati mwaona munthu ali pamsana panu, musayese kutembenuka. Bwezani mpira mwa kuukhudza kamodzi, makamaka kwa difenda winayo osati amene wakupatsirani, kenako sunthani. Kubweza kumbuyo si mantha. Mwakoka mdani mmodzi kuchoka pamalo pake, ndipo kuseri kwake kwatseguka. Sergio Busquets pamene anali ku Barcelona, komanso Rodri, yemwe analandira Ballon d'Or mu 2024 ali ku Manchester City, ndi abwino kuwaonera pa zimenezi. Poonera, siyani kutsatira mpira kwa mphindi khumi, muzingoyang'ana mutu wa munthuyo mpira usanamufike.

Cholakwa china chaching'ono koma chofala ndi kubwera pafupi kwambiri ndi difenda, mpaka kukatenga mpira kumapazi ake. Mukatero mwabweretsa mdani wanu pamenepo, ndipo anthu awiri a timu imodzi aima pamalo a munthu mmodzi. Siyani mamita 10 kapena kuposa, ndipo ngati n'kotheka muime kuseri kwa sitiraika wa adani, chakumbali kwake, kuti pasi imodzi imudutse.

Zoyeserera pokonzekera masewera

Pa kutseka njira ya pasi mufunika anthu anayi. Awiri aime motalikirana mamita 12, azipatsirana mpira. Wachitatu aime mamita 15 kutsogolo kwawo, aziyenda kumanja ndi kumanzere pa mzere wa mamita 10. Inu muli pakati, ndipo simuloledwa kupita kwa awiri aja. Ntchito yanu ndi kuletsa pasi yapansi kufika kwa wachitatu. Chitani kwa mphindi imodzi, mupume, mubwereze. Poyamba mudzadutsidwa kawirikawiri, ndipo pafupifupi nthawi zonse chidzakhala chifukwa chakuti mwacheuka mochedwa kapena simunacheuke. Mukazolowera, wachitatu uja ayambe kukunyengani, kuyamba kupita mbali ina n'kubwerera.

Pa kulandira mpira mufunika anzanu awiri. Mmodzi akupatsireni kuchokera mamita 12, wina aime kumbuyo kwanu mamita asanu. Mpira ukangomenyedwa, wakumbuyoyo asankhe: akupanikizeni kudzera kumanja, kudzera kumanzere, molunjika pamsana, kapena angoima. Akabwera mbali imodzi tembenukirani mbali inayo, akabwera molunjika pamsana bwezani, akaima tembenukani n'kuyenda nawo. Chitani ndi mapazi onse awiri, chifukwa mpira sudzabwera kuchokera mbali imodzi yokha. Ngati muli nokha, khoma likhoza kukhala wopatsira, inu n'kumacheuka mpira ukamabwerera, koma khoma silingakuphunzitseni kusankha, choncho musadalire lokhalo.

Pa masewera oyeserera a timu yonse, mphunzitsi akhoza kuika makoni kulemba chigawo chapakati chija n'kulamula kuti nambala 6 asatulukemo kwa mphindi 15. Wosewerayo adzadandaula kuti sakusewera. Musiyeni adandaule, chifukwa m'mphindi zimenezo ndi m'mene amayamba kugwiritsa ntchito pakamwa, kutuma anzake m'malo mothamanga yekha. Mawu ake akhale aafupi, dzina la munthu ndi chochita: tuluka, bwerera, kumanja kwako, ali kumbuyo.

Pamene vuto si la nambala 6

Musanamuweruze, yang'anani mtunda wa pakati pa madifenda ndi osewera kutsogolo pamene adani ali ndi mpira. Timu yothinana bwino imakhala mkati mwa mamita 30 mpaka 35 kuchokera kwa difenda mpaka kwa sitiraika. M'matimu ambiri a ongoyamba kumene, akutsogolo amapanikiza pafupi ndi bokosi la adani pamene madifenda, poopa mpira wodutsa pamwamba, atsalira pafupi ndi bokosi lawo. Pakati pamatsala mamita 50, ndipo palibe munthu mmodzi amene angatseke dera lotero. Mankhwala ake ndi kukweza madifenda kapena kutsitsa akutsogolo. Chimodzimodzi ngati ma 8 onse awiri sabwerera, adani amaika munthu kumanja kwa nambala 6 ndi wina kumanzere kwake, ndipo kulikonse kumene angapite walakwa. Apa mphunzitsi atsitse mmodzi wa ma 8 kuti akhale awiri kutsogolo kwa madifenda, ndi lamulo limodzi lakuti mmodzi akapita wina atsale.

Njira yodziwira kuti vuto lili pati ndi yosavuta. Pemphani munthu ajambule masewera ndi foni ataima pamalo okwera, oti bwalo lizioneka mbali yaikulu. Poonera, imitsani chithunzi nthawi iliyonse imene timu yanu yalandidwa mpira, komanso nthawi iliyonse imene mdani walandira mpira kutsogolo kwa madifenda anu n'kutembenuka. Ngati pa zithunzizo nambala 6 ali kutsogolo kwa mpira kapena kumbali kwa bwalo, ntchito ndi yake. Ngati ali pakati, kumbuyo kwa mpira, koma wazunguliridwa ndi adani awiri kapena atatu ndipo anzake ali kutali, konzani kaimidwe ka timu yonse ndipo iye mumusiye pomwepo.